Mipando inali yokwanira koma anthu atsala pa siteji: vuto limakhala pati?

Aliyense amene anakonzapo mabasi otengera anthu ku msonkhano kapena ku chochitika china chakutali akulidziwa vuto ili. Mwawerenga anthu, mwawerenga mipando, mipando yaposa anthu, mtima uli m'malo. Tsiku lija lafika, foni ikulira m'mawa, akuti basi yafika pa siteji yomaliza itadzadza kale ndipo anthu khumi atsala, pomwe basi ina yadutsa msewu wina ndi mipando yopanda anthu. Ndiye anthu amayamba kuloza dalaivala kapena anthu ochedwa, koma nthawi zambiri nkhani imakhala itawonongeka kale papepala basi isanalize ndi injini yomwe. Chimene chimatipusitsa ndi kuwerenga mipando yonse pamodzi. Mpando wopanda munthu uli mu basi inayake, pa msewu winawake, ndipo ngati basi imeneyo sidutsa pomwe munthu waima ndiye kuti mpandowo sumuthandiza chilichonse.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi tichitsate mpaka kumapeto, ndi pomwe zimaoneka bwino.

Tinene kuti alembetsa anthu 131, ndipo masiteji alipo anayi. Pa A pali anthu 52, pa B 31, pa C 30, pa D 18. A ndi B ali pa msewu umodzi, C ndi D ali pa msewu wina, misewu iwiriyi imakakumana pa mphambano kutsogolo kwa B pang'ono, kuchokera pamenepo ndi msewu umodzi mpaka kumalo a msonkhano, ulendo wa maola awiri kuchokera pa B. Mwabwereka mabasi atatu, awiri akuluakulu a mipando 60 iliyonse, Basi 1 ndi Basi 2, ndi kabasi kakang'ono ka mipando 28. Zonse pamodzi 148. Mukachotsa 131 mukuona ngati mwatsala ndi mipando 17, ndiye mukuti zili bho, Basi 1 ndi kakang'ono kaja zipite ku A kenako B, Basi 2 ipite ku C kenako D.

Tsopano gawani ndi misewu muone. Msewu wa C ndi D uli ndi anthu 48 pa mipando 60, ndiye kuti 12 mwa mipando 17 yotsala ija ili kumeneko, anthu a pa B sadzaiona. Msewu wa A ndi B uli ndi anthu 83 pa mipando 88, yotsala ndi 5 yokha. Ndipo 5 imeneyonso si yeniyeni, chifukwa basi iliyonse mukuikamo munthu wanu woyang'anira amene sali pa lisiti ya 131 ija, iyenso akhala pampando, ndipo kabasi kakang'ono kalibe buti yoti n'kunena ndiye zikwama zikuunjikidwa pa mzere wakumbuyo, mipando 4 yapita. Basi 1 yatsala ndi 59, kakang'ono 23, pamodzi 82 pa anthu 83. Mwaperewera kale ndi mmodzi musanachoke ndi kunyumba komwe.

Tsiku lenilenilo pa A pabwera anthu 6 osalembetsa, wina wabwera ndi mnzake, wina amaganiza kuti analembetsa, ndipo poti mabasi awiri aima pamenepo opanda anthu, palibe amene akuona chifukwa chowakanizira, akwera 58. Kwinaku anthu 4 a pa C anagona kufupi ndi B ndiye angoganiza zokadikira pa B osauza munthu. Pa B paima anthu 35, mipando yotsala ndi 24. Anthu 11 atsala, onse olembetsa bwinobwino, ena anafika ndi nthawi yabwino kuposa aliyense. Basi 2 yadutsa pa mphambano ndi anthu 44 pa mipando 59, mipando 15 ikungoyenda yokha. Zimandiwawa kwambiri zimenezi chifukwa amene amatsala si amene analakwitsa, amangokhala kuti siteji yawo ndi yomaliza.

Nambala ya mipando yomwe anakuuzani si yomwe mukwezepo anthu

Ngati mwaona kuti lisiti ikugwirizana, palibe wosalembetsa amene wakwera, koma anthu awiri atatu aimirirabe, vuto ndi ili. Eni basi akamati ya 28 kapena ya 60, afunseni kuti akuwerenga chani kwenikweni. Ena amawerengera ndi mpando wa dalaivala womwe, ena ndi wa pambali pake womwe pamakhala wothandiza dalaivala. Mabasi ang'onoang'ono ambiri ali ndi timipando topinda ta pakati pa kanjira, timeneti pa ulendo wa mphindi makumi awiri palibe vuto koma pa maola awiri ndi chilango, ndipo tikatsegulidwa munthu wakumbuyo sangatuluke mpaka onse a kutsogolo adzuke. Funsaninso ngati pali mpando wothyoka kapena wopanda lamba, komanso ngati basi ili ndi buti ya pansi. Chabwino kwambiri ndi kuwapempha ajambule mkati mwa basi yeniyeniyo imene adzabweretse, muwerenge nokha, mutengenso nambala yake, chifukwa zimachitika kuti mwagwirizana basi ina pa tsikulo kubwera ina yocheperapo.

Mbali ya anthu nayonso imanama. Mwana amene akutha kukhala yekha ndi mpando wathunthu, asalembedwe ngati katundu wa mayi ake. Munthu woyenda pa njinga ya olumala mufunika kudziwa msanga ngati amatha kusamukira pampando wa basi, njingayo n'kupindidwa kulowa mu buti, kapena akufunika basi yokhala ndi pokwerera pake, ndipo ngati ali ndi womuthandiza ndiye kuti ndi mipando iwiri yoyandikana kufupi ndi khomo. Ojambula, oimba, anthu onyamula zida za pa msonkhano, onsewa amakonda kuiwalika chifukwa sadutsa pa fomu yolembetsera koma m'mawa mumawapeza ali pa siteji ndi mabokosi awo.

Kugawa anthu, siteji ndi siteji

Tibwerere ku chitsanzo chathu tikonze. Choyamba ndi kusiya kutumiza mabasi awiri pa A. Basi yopanda anthu ikaima pa siteji yoyamba imadzadza, ndi mmene anthu alili, aliyense amafuna pawindo, wina amaika chikwama pampando wa pambali kusungira mnzake. Ndiye Basi 1 itenge anthu 52 a pa A basi, isaimenso pa B, ipite molunjika. Yatsala ndi mipando 7 ndipo ikadzadza ndi osalembetsa sipakhala wina kutsogolo amene walandidwa malo.

Kabasi kakang'ono kayambire pa B penipeni, kafike kopanda munthu. Anthu a pa B ndi 31, sangakwane monse, ndiye apa ndi pomwe mipando ya Basi 2 ija ikugwira ntchito: ikachoka pa D, m'malo mongodutsa pa mphambano, ikhotere ku B itenge anthu 8 pamodzi ndi zikwama zonse zikuluzikulu za anthu a pa B zilowe mu buti yake. Zikatero mzere wakumbuyo wa kabasi kaja wamasuka, kali ndi mipando 27 pa anthu 23, yotsala 4. Basi 2 ili ndi 48 kuphatikiza 8, anthu 56 pa mipando 59, yotsala 3. Anthu ndi omwewo, mabasi ndi omwewo, koma tsopano basi iliyonse ili ndi kampata kake, ndipo pa B pomwe pamatsala anthu paja pali mipando 7 yopuma m'mabasi awiri. Anthu 4 a pa C aja akasamukira ku B sizisokonezanso kanthu chifukwa Basi 2 yawo yomweyo ikudutsa pamenepo.

Mtengo wake ndi woti anthu a pa C adzuka msanga ndi theka la ola chifukwa cha kukhota kuja, ndipo eni basi ayenera kudziwa za mtunda woonjezerawo pogwirizana, osati kumuuza dalaivala m'mawa. Kukhota kukakhala kwakutali, kopitirira mphindi 40 kupita ndi kubwera, ine ndimaona kuti bola kusintha kabasi kakang'ono kubweretsa kokulirapo kusiyana ndi kuzunguza anthu 48 chifukwa cha anthu 8.

Anthu 8 a pa B opita mu Basi 2 asankhidwe ndi mayina kusanache, ndipo musagawe pakati banja kapena anthu amene analemba kuti akuyendera limodzi, chifukwa pa siteji adzakana kusiyana ndiye masamu anu onse afera pomwepo. Yambani kuika magulu akuluakulu, anthu oyenda okha muziwaika pomaliza kutseka mipata.

Ngati lisiti yanu ili mu Excel kapena Google Sheets, mzere uliwonse ukhale munthu mmodzi, osati "banja la anthu asanu" pa mzere umodzi. Tinene kuti siteji ili mu kolamu C ndipo basi ili mu kolamu D, ndiye kuti mudziwe anthu a pa B okwera Basi 2 ndi izi:

```
=COUNTIFS(C:C,"B",D:D,"Basi 2")
```

Pangani katebulo ka masiteji onse ndi mabasi onse ndi fomula imeneyi, kenako muphatikize. Zikapanda kufika 131 ndiye kuti pali anthu amene sanapatsidwe basi kapena dzina la siteji linalembedwa mosiyana, wina B wina "siteji B" wina anasiya kampata kumapeto. N'chifukwa chake pa fomu yolembetsera funso la siteji lizikhala losankha pa mndandanda, asamalembe okha. Mukawasiya alembe okha mumalandira mayankho ngati "paliponse" kapena "pafupi ndi kwathu", ndipo munthu wa paliponse ameneyo ndi amene amadzatulukira pa siteji yothina.

Pa khomo la basi

Mutha kugawa bwino chonchi koma ngati pa khomo palibe munthu wa lisiti, zonse ndi zachabe. Dalaivala musamupatse ntchito imeneyi, iye ntchito yake ndi kuyendetsa, sawadziwa anthu anu ndipo sangayambane ndi munthu chifukwa cha lisiti yanu. Woyang'anira basi akhale ndi pepala losindikiza, osadalira foni yokha poti netiweki ndi batire zimathawa nthawi yolakwika, mayina asanjidwe siteji ndi siteji ndipo mkati mwa siteji motsata alifabeti, pamwamba palembedwe kuti pochoka pano mukhale anthu osaposa mwakuti. Wa Basi 2 adziwe kuti pochoka pa C akhale ndi 30, pochoka pa D 48, pochoka pa B 56. Nambala ya pochoka imeneyi ndi imene imateteza anthu a kutsogolo, chifukwa munthu akafika pa C n'kumati taonani mipando yonseyi ilibe anthu, woyang'anira ali ndi choyankha, kuti ili ndi eni ake akudikira kutsogolo.

Osalembetsa musawathamangitse mwachipongwe komanso musawakweze nthawi yomweyo. Aime pambali, olembetsa akwere kaye, ikakwana nthawi yonyamuka muone amene sanabwere, ndiye osalembetsa alowe m'malo mwa amenewo ndi mu mipando yopuma ya basi imeneyo, motsata amene anayamba kufika. Dzina lake ndi nambala ya foni zilembedwe pa pepala pomwepo, apo ayi madzulo pobwerera simudzadziwa kuti muli ndi anthu angati. Pa basi yoima malo angapo ngati Basi 2, mipando yopuma isaperekedwe pa siteji yoyamba, isungidwe mpaka pomaliza, zomwe mungapereke pa C ndi malo a anthu a pa C amene mwatsimikiza kuti sakubwera.

Za manambala a mipando, kuti uyu akhale pa 14 uyu pa 15, ine sindilimbikitsa pokhapokha ngati pali chifukwa. Zimachedwetsa kukwera, anthu amasinthana okha, ndipo mabasi ena manambala anafufutika kale. Chofunika ndi dzina ndi basi. Ingosungani mizere iwiri yakutsogolo ya achikulire, oyenda movutika ndi amene amachita chizungulire m'galimoto, muikepo mapepala. Pa basi yoima malo angapo muwauze a siteji yoyamba ayambire kumbuyo kukhala, kuti a kutsogolo asamadzapanikizane kudutsa anthu ndi zikwama pofuna mpando umodzi umodzi wobalalika. Basi iliyonse ikhalenso ndi pepala lalikulu pa galasi lakutsogolo lolembedwa nambala yake, makamaka pa B pomwe paima mabasi awiri.

Basi ikufika mochedwa pa masiteji a kutsogolo

Apa chizindikiro chake ndi choti kuchedwa kumakula, pa C mphindi khumi, pa D makumi awiri, pa B theka la ola. Chifukwa chake nthawi zambiri ndi kuwerengera nthawi yoyenda yokha kuiwala yokwera, komanso kutenga nthawi ya pa mapu a pa foni yomwe ndi ya galimoto yaing'ono, basi yaikulu imayenda pang'onopang'ono kuposa pamenepo. Anthu 30 oitanidwa mayina ali ndi zikwama apatseni kota ya ola, siteji yaing'ono mphindi khumi.

Muziwerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pa nthawi yofika. Ngati msonkhano ukuyamba 10:00 ndipo mukufuna anthu atsike 9:30, Basi 2 ichoke pa B 7:30, kutanthauza kuti ifike pa B 7:20. Kuchokera pa D kukafika pa B ndi mphindi 25, ndiye ichoke pa D 6:55, ifikepo 6:45. Kuchokera pa C kukafika pa D mphindi 20, ichoke pa C 6:25, kukwera kuyambe 6:10. Ngati mukudziwa kuti padzafunika kuima panjira kuti anthu apite kuchimbudzi, onjezani mphindi 20 ndipo nthawi zonsezi zibwerere m'mbuyo, anthu 56 satsika ndi kukweranso mu mphindi zisanu.

Uthenga wopita kwa anthu ukhale ndi nthawi ziwiri, yofika ndi yonyamuka, ndipo munthu aliyense alandire za siteji yake ndi basi yake zokha. Mukaponya ndandanda yonse ya masiteji anayi pa gulupu, anthu amayamba kusankha okha, wa pa C akuona kuti pa B akunyamuka 7:30 ndiye akuti bola ndikakwerere kumeneko ndigoneko pang'ono. Malo oimawo afotokozedwe moti munthu sangasokoneze, mbali iti ya msewu, geti liti, ndi chithunzi ngati n'kotheka, chifukwa siteji imodzi imatha kukhala ndi anthu mbali zonse ziwiri za msewu aliyense akuganiza kuti ali pamalo oyenera.

Nanga wochedwa adikiridwe? Gwirizanani kusanache kuti ndi mphindi zingati, zisanu zimakwana, ndipo zilembedwe mu uthenga uja. Woyang'anira amuimbire kamodzi. Ngati ali pafupi ndi siteji yotsatira auzidwe akakumane nayo basi kumeneko, mpando wake usungidwe. Kudikira munthu mmodzi pa C mphindi 20 ndiye kuti mwaimika anthu a pa D ndi pa B panja mphindi 20 zomwezo, ndipo ena mwa iwo akatopa amakwera basi iliyonse imene yafika, kabasi kakang'ono kaja n'kudzadza ndi anthu a Basi 2.

Pobwerera

Ulendo wobwerera ndi umene anthu ambiri saukonza, amangoti aliyense akwere yomwe anabwera nayo. Lamuloli ndi labwino poyambira koma lili ndi mabowo. Pali anthu amene anabwera okha m'mawa koma akufuna basi madzulo, pali amene anabwera pa basi koma abwerera ndi anzawo pa galimoto osatsanzika, pali amene anakwerera pa A koma akufuna kutsikira pa D. Ndiye pa fomu funso la pobwerera likhale lapadera, mubwerera pa basi kapena ayi, mutsikira pati, ndipo masana pa nthawi yopuma oyang'anira azungulire ndi mapepala awo kutsimikiza. Wofuna kusintha basi alembedwe kawiri, achotsedwe pa pepala la basi yakale aikidwe pa latsopano, osangomuuza pakamwa kuti palibe vuto. Anthu 8 a pa B aja akumbutsidwenso kuti yawo ndi Basi 2, chifukwa madzulo akaona anzawo a pa B akulowa kabasi kakang'ono amangotsatira, ndipo zikwama za a pa B zonse zili mu buti ya Basi 2, choncho mabasi awiriwa anyamukire limodzi kuti anthu asakadikire katundu wawo usiku pa siteji.

Kumalo a msonkhano mabasi onse amakhala pamodzi, mwinanso pali mabasi a magulu ena ofanana mtundu, ndiye mapepala a pa galasi aja asachotsedwe masana ndipo anthu auzidwe potsika m'mawa pomwe basi idzaime ndi nthawi yake. Fufuzaninso za dalaivala, ngati anayamba ntchito 5 koloko m'mawa ndipo msonkhano ukutha usiku, funsani eni basi ngati maola amenewo akuloledwa kwa dalaivala mmodzi kapena pafunika wachiwiri, ndipo wachiwiriyo akakhalapo ndi mpando winanso wochotsa pa masamu aja.

Basi isanyamuke pongowerenga mitu. Mitu 56 ikhoza kukwana pomwe awiri ndi a basi ina ndipo awiri anu ali kuchimbudzi. Muitane mayina, amene sakuyankha aimbiridwe, ndipo basi imene ili ndi mipando yopuma yambiri, pa chitsanzo chathu Basi 1, inyamuke pomaliza oyang'anira atatu onse atauzana kuti mapepala awo akwana. Wotsalira wa pa B ikhoza kumutsitsa poti ikudutsa pomwepo popita ku A, koma wa pa C kapena pa D ndi msewu wina, ameneyo afufuzidwe Basi 2 isanatseke chitseko.